Pepala Limene Limamanga Manja a Wogulitsa Masheya

Mphunzitsi amene ali ndi K200,000 yogulira masheya pa Malawi Stock Exchange amakhala ali m'kalasi pamene msika ukuyenda. Ndiye amalemba dongosolo lake usiku, mutu uli wozizira.

Mzere woyamba umati pa kugula kumodzi asaluze zoposa K4,000. Akagula sheya pa K100 n'kulemba kuti adzagulitsa ikatsika kufika pa K90, sheya iliyonse ingamudyere K10, choncho agula masheya 400 basi, ngakhale mtima ukufuna 1,000. Malangizowo amapatsa broka m'mawa, belu lisanalire.

Vuto la msika wa ku Blantyre ndi lakuti masiku ena wogula sapezeka, ndipo K90 ija imatha kudutsa iye akadali pamzere. N'chifukwa chake ndalama ya lendi siilowa m'pepalalo.