Thandizo Loyenera kwa Mwana Amene Wakakamira pa Liwu

Ana awiri akhoza kulephera liwu limodzi pa bolodi, koma osafanana. Wina mukamuphimbira theka la liwulo ndi chala, amaliwerenga. Winayo ngakhale mumuphimbire, amangokuyang'anani. Lev Vygotsky, katswiri wa ku Russia amene anamwalira mu 1934, anaona kusiyana kumeneku. Anapereka chitsanzo cha ana awiri amene pa mayeso onse ankayankha ngati ana a zaka 8, koma atathandizidwa, wina anafika pa mafunso a zaka 12, wina a zaka 9 basi. Mpata wa pakati pa zimene mwana amachita yekha ndi zimene amachita akathandizidwa ndiwo anautcha dera la kukula koyandikira. Mmenemo ndimo muli ntchito yathu.

Thandizo lomwe timapereka m'derali linapatsidwa dzina mu 1976 ndi David Wood, Jerome Bruner ndi Gail Ross. Iwo analifanizira ndi katawala, nsanja ija imene omanga nyumba amakwerapo khoma likamatalika. Khoma likatha, katawala amamasulidwa. Ambiri a ife kuika katawala timadziwa; chimene timaiwala ndi kumuchotsa.

Tiyeni titenge mwana wa Giredi 1, timutche Tisa, amene amayi ake amagulitsa ziwiya ku City Market mu Lusaka. Tisa amawerenga yekha mawu monga sopo, poto ndi buledi, chifukwa phatikizo lililonse lili ndi lembo limodzi lotsatana ndi a, e, i, o kapena u. Mukamulembera mbale, amati "ma-ba-le". Kulakwa kumeneku nkwabwino kukumva: kukusonyeza kuti m, b ndi l amawadziwa, chomuvuta ndi kulumikiza m ndi b popanda kulowetsapo a. Liwu loti nthochi lili patali kwa iye. Lili ndi nth ndi ch, zonse zachilendo, ndipo ana ambiri a mu Lusaka amangoti banana. Choncho phunziro la Tisa ndi mb.

Tsiku loyamba mphunzitsi amayamba ndi thandizo laling'ono kwambiri, lomwe ndi kudikira. Amawerenga chamumtima mpaka 5 osalankhula. Tisa akubwerezabe "ma-ba-le". Mphunzitsi akuphimba m ndi le, kusiya ba.

"Tisa, apa pakuti chiyani?"

"Ba, aphunzitsi."

"Tseka milomo, ung'ung'udze mmm. Usatsegule pakamwa mpaka unene ba."

"Mmm…ba. Mba!"

Akuchotsa chala, ndipo Tisa akuwerenga mbale. Onani kuti mphunzitsi sanatchule liwulo. Akanalitchula, Tisa akanangolibwereza ngati nyimbo. Kumutchulira mba kumabwera pomalizira, njira zinazi zikakanika.

Tsiku lachiwiri mphunzitsi akuphimba ndi chala koma sakunena kanthu za milomo. Lachitatu akungofunsa kuti, "Dzulo tinachita bwanji?" ndipo Tisa akuphimba yekha. Pamenepa thandizo lachoka m'manja mwa mphunzitsi, lalowa m'manja mwa mwana. Lachinayi ndilo la umboni: mupatseni mawu amene sanawaonepo, monga lemba, imba ndi samba, momwe mb ali pakati. Akawawerenga, mb walowa m'gulu la zimene amachita yekha, ndipo mukhoza kupita ku nd kapena mp. Akawerenga mbale koma nakakamira pa lemba, ndiye kuti analoweza maonekedwe a liwu limodzi. Bwererani pa chala.

Chithunzi ndi thandizo lonyenga. Mukajambula mbale pambali pa liwu, mwana wokulira pamsika amaitchula asanayang'ane ndi lembo limodzi lomwe. Ine ndimakonda kuti chithunzi chizibwera mwana atawerenga kale, kuti adzitsimikizire yekha. Kuwerenga kwa kalasi yonse pamodzi kumabisanso zambiri, pakuti mawu a ana atatu odziwa amanyamula ena onse.

Nanga m'kalasi yodzaza, mungachite bwanji ndi mwana mmodzimmodzi? Simungathe tsiku lililonse. Koma ena akamalemba, itanani ana asanu kutsogolo, aliyense awerenge mawu atatu: losavuta, la phunziro la sabatayo, ndi lovuta. Lembani m'kope lanu ngati wawerenga yekha, ndi chala, kapena walephera ngakhale mutamutchulira phatikizo. Amene walephera chotero musamukakamize pa mb. Mwina b yekhayo sanamugwire, ndipo dera lake lili kumbuyoko. A chala aja akhale pamodzi, ndipo mnzawo wodziwa awathandize. Koma mumuuziretu mnzawoyo kuti ntchito yake ndi kuphimba ndi kudikira. Mukapanda kutero adzawanong'oneza yankho.