Ulendo wa lipoti la vuto la pulogalamu, kuchokera kwa wodandaula mpaka kutsekedwa

Usiku wa pa 3 Meyi 2019, kuchera pa 4, anthu ambiri ogwiritsa ntchito Firefox, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, anadabwa kuona kuti tizipangizo towonjezera timene anaika m'pulogalamuyi tazimitsidwa tokha. Totchinga zotsatsa malonda, tosunga mawu achinsinsi, tonse tinangoti zii. Kachilombo panalibe, ndipo palibe amene anathyola chilichonse. Satifiketi ina imene bungwe la Mozilla limagwiritsa ntchito posainira tizipangizoti inali itatha nthawi yake, choncho Firefox inayamba kutiona ngati tachinyengo.

Dandaulo la nkhaniyi linalowa m'kaundula wa mavuto wa Mozilla wotchedwa Bugzilla, ndipo linapatsidwa nambala 1548973. Kaundulayu ndi wakale ndithu, anatulutsidwa poyera mu 1998, ndipo aliyense akhoza kutsegulamo akaunti n'kulemba vuto limene wakumana nalo. Akatswiri vuto la m'pulogalamu amalitcha bagi. Bagi iliyonse ikalembedwa imakhala ndi tsamba lake, nambala yake, ndi mawu amodzi kapena awiri pamwamba osonyeza pamene yafika. Mawu amenewa ndiwo akutikhudza pano, chifukwa anthu ambiri amawamva molakwika, makamaka mawu akuti FIXED.

Munthu wamba akalemba lipoti, limayamba ndi chizindikiro cha UNCONFIRMED. Kumeneku si kunyoza wolembayo. Zikungotanthauza kuti pakadali pano ndi mawu a munthu mmodzi, ndipo palibe wina amene waliona vutolo ndi maso ake. Fomu yake imafunsa zinthu zitatu: zimene munachita mwatsatanetsatane, zimene zinachitika, ndi zimene mumayembekezera kuti zichitike. Lipoti longoti "sikugwira ntchito, konzani" silithandiza aliyense. Koma lonena kuti "ndili ndi Firefox 66 pa Windows 10, ndinaitsegula m'mawa uno ndipo tizipangizo tanga tonse tazimitsidwa, uthenga wake ndi uwu" limapatsa munthu wachiwiri poyambira. Iyeyo akatsata mapazi omwewo n'kuona zomwezo, amasintha chizindikiro kukhala NEW.

Bagi ya satifiketi ija inali ndi kachinyengo pamenepa. Firefox sinkafufuza ma siginecha a tizipangizo mphindi iliyonse, inkafufuza pafupifupi kamodzi pa maola 24, aliyense pa nthawi yake. Choncho wina ankalira kuti zonse zafa, mnzake pa kompyuta yoyandikana nayo zikuyenda bwinobwino. Munthu wopupuluma akanatha kutseka lipotilo ndi mawu akuti WORKSFORME, kutanthauza kuti kwa ine zili bwino. Ma bagi ambiri enieni amafera pomwepa, makamaka aja odalira nthawi, tsiku, chiyankhulo cha kompyuta kapena intaneti yoyenda pang'onopang'ono, zimene woyesa wokhala mu ofesi ya intaneti yothamanga sakumana nazo.

Kenako pamabwera ntchito yosanja, imene ine ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa kukonza kumene. Ili ngati ya namwino wa pakhomo la chipatala amene amayenda pamzere wa odwala n'kutulutsa mwana wobanika kuti aonedwe msanga, wa chimfine n'kudikira ngakhale anafika mbandakucha. Wosanja amadzifunsa mafunso angapo. Kodi vutoli lilipo kale m'kaundula? Ngati lilipo, lipoti latsopanolo limatsekedwa ngati DUPLICATE n'kulozera ku lakale, kuti zokambirana zonse zikhale pamodzi. Kodi ndi la gawo liti la pulogalamu, ndipo gulu loyang'anira gawolo ndi liti? Lipoti loikidwa pa gawo lolakwika limatha miyezi osawerengedwa ndi munthu woyenera. Kodi pali zimene zikusowa? Bugzilla ya Mozilla ili ndi kambendera ka needinfo, kofunsa munthu wakutiwakuti kuti ayankhe. Wodandaula akangosowa osayankha, lipoti limatsekedwa ngati INCOMPLETE.

Funso lina ndi lakuti, kodi zinkagwira kale? Ngati mwezi watha zinali bwino, ndiye kuti pali kusintha kwina kumene kunaswa zinthu. Pali chida chotchedwa mozregression chimene chimakupatsa Firefox za masiku osiyanasiyana kuti uyese, iwe n'kumayankha kuti iyi ili bwino, iyi ayi. Nthawi iliyonse chimadula masiku otsalawo pakati, mpaka chitaloza kusintha kumodzi kumene kunayambitsa vuto. Lipoti lokhala ndi yankho limeneli limakonzedwa msanga, poti wolemba khodiyo wadziwika kale.

Wosanja amapereka miyeso iwiri, ndipo anthu amakonda kuisokoneza. Woyamba ndi kukula kwa vuto. Masiku ano Mozilla imayambira pa S1, vuto loopsa loimitsa ntchito kapena lotayitsa anthu zinthu zawo, mpaka S4, kachilema kakang'ono ka maonekedwe. Wachiwiri ndi changu chake: P1 ikonzedwe mu Firefox imene ikukonzedwa panopa, P2 m'yotsatira, P3 ikhale pamndandanda wodikira, ndipo P5 ikutanthauza kuti eni ake saikonza, koma wina akabweretsa mankhwala ake alandira. Kukula kumanena za kupweteka kwa vuto. Changu chimanena za anthu ndi nthawi imene gulu lili nayo. Vuto likhoza kukhala lalikulu koma lopezeka pa makompyuta ochepa kwambiri, n'kudikira, pomwe kulakwitsa kalembedwe pa tsamba loyamba kukonzedwa lero lomwe.

Kudikirako kumafika pati? Mu 2002 munthu wina analemba bagi nambala 148624, yonena kuti timawu tofotokozera batani, tija timatuluka ukaimitsa kalozera pamwamba pake, tinkatsalira pa sikirini ngakhale munthu atapita pa pulogalamu ina. Aliyense ankavomereza kuti vutolo lilipo. Linakonzedwa mu 2023, ndi wophunzira wina amene linamutopetsa. Zaka zonsezo lipotilo silinatayike, kungoti nthawi zonse panali china chofunika msanga kuposa ilo.

Bagi ya satifiketi sinadikire. Lipoti likapatsidwa mwini limakhala ASSIGNED, ndipo pano akatswiri anagwira usiku wonse. Anapanga satifiketi yatsopano yokhala ndi dzina ndi kiyi zofanana ndi yakale ija koma tsiku lothera lakutsogolo, kuti ma siginecha akale akhalenso ovomerezeka popanda kusainanso tizipangizo masauzande. Malinga ndi zimene Eric Rescorla, yemwe anali mkulu wa zaukadaulo wa Firefox, analongosola pambuyo pake, mankhwalawa anatumizidwa pasanathe maola 9 chidziwikireni vutolo. Anawadutsitsa pa njira ya Studies, imene Mozilla imagwiritsa ntchito poyesa zinthu zatsopano pa makompyuta a anthu popanda kutulutsa Firefox ina.

Pa masiku wamba zinthu sizithamanga chotero. Katswiri akalemba khodi yokonzera, mnzake amaiwerenga kaye ndi kuivomereza. Ikalowa, makina amayendetsa mayeso ambirimbiri, ndipo ikaswa china chake imabwezedwa. Ikadutsa n'kulowa m'khodi yaikulu, lipoti limasanduka RESOLVED FIXED.

Apa mpamene ambiri amasokonekera. FIXED ndi mawu a wokonza, onena kuti khodi yalowa ndipo iye akukhulupirira kuti vuto latha. Sakutanthauza kuti zafika pa kompyuta yanu. Khodi yatsopano imayamba yakhala mu Firefox ya oyesa yotchedwa Nightly, kenako Beta, kenako n'kufika kwa aliyense, ndipo kuyambira mu 2020 sitepe iliyonse imatenga pafupifupi milungu 4. Munthu akhoza kuona FIXED lero, vuto n'kumamuvutabe mwezi wathunthu kapena iwiri, pokhapokha akuluakulu atavomereza kuti mankhwalawo adumphe mzere. Komanso RESOLVED payokha sikutanthauza kukonzedwa. WONTFIX nayo ndi RESOLVED: vuto taliona, koma tasankha kulisiya. INVALID nayonso: zimene mwaonazo ndi mmene pulogalamuyi inapangidwira.

Ndiye pakufunika munthu wina, osati wokonza uja, woti atsimikize. Wotsimikiza wodziwa ntchito amayamba ndi pulogalamu yakale, yodwala ija, n'kutsata mapazi a m'lipoti mpaka vutolo alione. Akapanda kutero sangadziwe ngati kusowa kwa vuto m'pulogalamu yatsopano kwabwera ndi mankhwala kapena ndi kuyesa molakwika. Kenako amayesa yatsopano, pa Windows, pa Mac, pa Linux, n'kuyesanso zinthu zoyandikana ndi pamene pakhudzidwa. Akakhutira ndi pamene amalemba VERIFIED FIXED. Wokonza sayenera kudzitsimikizira yekha, osati chifukwa ndi wabodza, koma chifukwa amayesa njira yomweyo imene anali nayo m'mutu pokonza.

Nkhani ya satifiketi inaonetsa bwino kusiyana kumeneku. Mankhwala oyamba aja anagwira kwa anthu ambiri, koma amene anazimitsa Studies pofuna kuteteza chinsinsi chawo sanawalandire. Ogwiritsa ntchito Firefox pa mafoni a Android sanawalandire, ngakhalenso a Firefox ESR imene makampani ndi masukulu amakonda. Kunatengera kutulutsa Firefox 66.0.4 pa 5 Meyi kuti ambiri mwa iwowa athandizike. Pomwepo kunapezekanso kuti ena amene anaika mawu achinsinsi aakulu otsekera mawu ena onse anali akadali pamavuto, ndipo patapita masiku ochepa kunatuluka 66.0.5. Zotsalira zoterezi nthawi zambiri zimalembedwa ngati ma bagi atsopano olumikizidwa ku yoyamba, m'malo motsegulanso yakale, kuti lipoti lililonse likhale ndi vuto limodzi ndi mankhwala amodzi.

Za kutseka, kaundula aliyense ali ndi mwambo wake. Bugzilla yakale inali ndi chizindikiro cha CLOSED pambuyo pa VERIFIED, chimene magulu ambiri ankaika mankhwala akafika kwa anthu, koma kuyambira pa Bugzilla 4.0 chinachotsedwa pa ndondomeko yobwera nayo. Pa GitHub lipoti limangokhala Open kapena Closed, ndipo katswiri akalemba mawu ngati awa mu uthenga wa khodi yake, lipoti nambala 123 limadzitsekera lokha khodiyo ikangolowa m'nthambi yaikulu:

```
Fixes #123
```

N'zachangu, koma taonani chimene chadumphidwa: palibe amene watsimikiza. Kagulu kakang'ono kopanga pulogalamu ya sukulu kapena ya sitolo kakamagwiritsa ntchito njira imeneyi, ndi bwino kuwonjezera chizindikiro chawochawo cha "ikudikira kuyesedwa", apo ayi chiwerengero cha ma bagi otsekedwa chimakongola pa lipoti la bwana pomwe makasitomala akulirabe.

Inu amene munalemba lipoti, mukalandira uthenga wakuti lakonzedwa, fufuzani kaye nambala ya pulogalamu imene mankhwalawo alowa. Ikafika kwa inu, bwerezani mapazi anu aja, ndipo lembani chiganizo chimodzi m'kaundula chonena ngati vuto latha kapena likadalipo, ndi nambala ya pulogalamu imene mwayesa.