Jakisoni wa mwezi ndi mwezi: ndani akuyang'ana thupi la wodwalayo?

Munthu amene amabayitsa jakisoni wa matenda a maganizo amaonana ndi namwino mwina kakhumi ndi kawiri pa chaka. Mankhwala ngati flufenazini ndi haloperido amabayidwa mumnofu n'kumalowa m'magazi pang'onopang'ono kwa milungu ingapo, ndipo amathandiza amene mapiritsi a tsiku ndi tsiku amawavuta. Koma munthu wobwera kawirikawiri chonchi akhoza kutha zaka asanakwerepo pa sikelo. Amafunsidwa ngati akugona bwino, amabayidwa, n'kupatsidwa tsiku lobweranso.

Mankhwala a mtunduwu amatha kunenepetsa, kukweza shuga ndi mafuta a m'magazi, kusokoneza msambo, ndiponso kuumitsa kapena kunjenjemeretsa thupi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limati anthu odwala kwambiri matenda a maganizo amamwalira msanga ndi zaka 10 mpaka 20 poyerekeza ndi ena, makamaka chifukwa cha matenda a m'thupi monga a mtima. N'chifukwa chake chipatala chimayenera kudziunika chokha, kuti chione ngati zimene chikuchita zikufika pa muyezo woikika.

Muyezowo uyenera kulembedwa kauniuni asanayambe. Ambiri amatsamira malangizo a bungwe la NICE la ku Britain a mu 2014, amene amati wodwala ayezedwe kulemera, kuthamanga kwa magazi, shuga ndi mafuta a m'magazi pakatha milungu 12 chiyambireni mankhwala, pakatha chaka, kenako chaka ndi chaka. Chipatala chimene sichiyeza mafuta a m'magazi chingasankhe zinayi zotheka: sikelo, kuthamanga kwa magazi, shuga, ndi kuona ngati manja akunjenjemera kapena milomo ndi lilime zikungoyenda zokha. Funso lake likhale loyankhika ndi inde kapena ayi: kodi pa miyezi 12 yapitayi pali nambala yolembedwa, yokhala ndi tsiku lake? Mawu akuti “ali bwino” si nambala.

Pamene ambiri amapunthwa ndi posankha anthu owerengedwa. Tiyerekeze kuti m'kaundula wa kiliniki ina muli anthu 60 amene akhala pa jakisoni chaka chathunthu. Wounika wabwera tsiku la kiliniki, wapeza anthu 40, ndipo mwa iwo 30 anayezedwa kuthamanga kwa magazi. Iye alemba kuti atatu mwa anayi alionse anayezedwa. Koma nanga 20 amene sanabwere aja? Ngati mwa iwo oyezedwa ndi 6 okha, oyezedwa onse ndi 36 mwa 60, kutanthauza atatu mwa asanu. Odumphadumpha, kaya chifukwa cha mtunda kaya chifukwa matenda awakulira, ndiwo amaphonyedwa kwambiri. Choncho mayina achokere m'kaundula, osati pa benchi.

Kuno ku Malawi pali vuto linanso. Zambiri za wodwala zimalembedwa m'kabuku ka kuchipatala kamene iye amapita nako kwawo. Ngati wounika ayang'ana mafayilo a m'kabati okha, adzaona ngati palibe chinachitika, pamene shuga anayezedwa kuchipinda china n'kulembedwa m'kabukuko. Agwirizane kaye kuti umboni ukafunidwa kuti, ndipo amene sakubwera awatsatire. Pa pepala lolembapo zotsatira pasakhale dzina la munthu, pakhale nambala chabe.

Ineyo ndimaona kuti mzere wofunika kuposa yonse ndi umene ambiri sauika n'komwe: atapeza vuto, anachitapo chiyani? Mwa anthu 36 aja, tinene kuti 9 anapezeka ndi 140/90 kapena kupitirira. Kauniuni wabwino amatsegula tsamba lotsatira. Kodi anayezedwanso? Anatumizidwa kukiliniki ya kuthamanga kwa magazi? Ngati othandizidwa ndi awiri okha, enawo 7 anangopanidwa mkono pachabe, ngakhale lipoti likuwawerenga m'gulu la oyezedwa.

Yankho la “ayi” nalonso ligawidwe. Wodwala akakana kutengedwa magazi ndi nkhani ina, timapepala toyezera shuga tikatha ndi nkhani inanso, ndipo zonsezi n'zosiyana ndi kuiwala kwa ogwira ntchito. Zikaphatikizidwa, namwino amasenza mlandu wa katundu amene sanabwere, ndipo ulendo wina sadzafunanso kuthandiza wounika.

Zotsatira zikatuluka, pasinthe chinthu chimodzi kapena ziwiri zogwirika. Sikelo ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi zikhale m'chipinda chobayiramo, ndipo pa khadi la jakisoni pakhale malo olembapo tsiku loyeza thupi. Pakatha miyezi 6 kapena 12, kauniuni abwerezedwe ndi mafunso omwe aja, mayina atatengedwanso m'kaundula. Mukasintha funso kapena njira yosankhira anthu, simungadziwe ngati 36 uja wakweradi.