Amalume akafunsa, namwino ayankhe chiyani?

Ophunzira unamwino amapatsidwa funso lina loti akalembe lomwe papepala limaoneka lophweka, koma muwodi limatulutsa thukuta. Nkhani yake imakhala yotere. Mayi wa zaka 32 wagonekedwa ndi chifuwa chachikulu, ndipo atayezedwa magazi wapezekanso ndi kachilombo ka HIV. Wapempha kuti abale asauzidwe. Amene akumudikirira ndi apongozi ake. Madzulo afika amalume, eni mbumba, omwe analipira galimoto yobwera naye, ndipo akuti: "Adokotala, mwanayu ndi wathu. Tiuzeni chimene mwapeza." Kodi namwino achite chiyani?

Amalumewo sakulakwa kufunsa. Kwathu kuno matenda ndi a mtundu wonse, ndipo m'zipatala za boma odikirira ndiwo amasambitsa wodwala, kumuphikira phala ndi kumuchapira. Wophunzira amene angalembe ngati abale ndi adani ndiye kuti sanagwirepo ntchito ya usiku muwodi. Komabe matendawo ali m'thupi la munthu mmodzi, ndipo mwini nkhani ndi yemweyo. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula mwachisawawa kuti wina ali ndi kachilombo, ndipo bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba litha kulanga namwino wotaya pakamwa.

Yankho labwino limayambira pabedi la wodwala. Namwino apemphe abale kuti adikire panja, kenaka afunse mayiyo ali yekha: ndani amene mukufuna adziwe, ndipo adziwe mpaka pati? Kumufunsa apongozi ali chilili pambali n'kumukakamiza, chifukwa ndi akazi angati angakane pamaso pa apongozi? Nthawi zambiri wodwala sakana zonse. Mayiyu atha kuvomera kuti za chifuwa zinenedwe, koma za kachilombo adzanena yekha akapeza mphamvu. Zimenezo zilembedwe mufayilo kuti anamwino ena asadzasokoneze.

Tsono kwa amalume aja anganene kuti: "Amalume, mwachita bwino kubwera. Zamatenda timakambirana ndi eni ake, ndipo timatero ndi wodwala aliyense. Andilola kukuuzani kuti ali ndi chifuwa chachikulu. Amwa mankhwala tsiku lililonse kwa miyezi 6 osadumphitsa, ndipo onse okhala nawo nyumba imodzi, makamaka ana osakwana zaka 5, abwere adzaunikidwe." Apa sananame, ndipo wawapatsa ntchito yoti agwire. Mawu oti "wodwala aliyense" ngofunika kwambiri. Namwino amene amafotokoza za malungo momasuka koma n'kuyamba kudodoma akafika pa bedi ili, waulula kale. Kunama kuti "ndi malungo chabe" n'kolakwikanso, chifukwa abale angamuuze wodwala kuti asiye mankhwala akangoona kuti wayamba kudya.

Mwamuna wa mayiyu ndiye nkhani ina. Amalume akapanda kudziwa sataya kanthu, koma mwamuna atha kutenga kachilomboko, kapena ali nako kale osadziwa. Apa mayiyo amalangizidwa, osati kamodzi kokha, kuti amuuze kapena abwere naye adzayezedwe limodzi pamaso pa mlangizi. Afunsidwenso ngati akuopa kumenyedwa kapena kuthamangitsidwa pabanja, poti mantha amenewo sakhala opeka. Akakanitsitsa, namwino asathamange yekha kukauza mwamunayo. Nkhaniyo ipite kwa mkulu wa wodi ndi dokotala, ndipo ngati paganizidwa zomudziwitsa, mayiyo ayambe wauzidwa. Wodwala akakhala chikomokere, wachibale wapafupi amauzidwa zokhazo zofunika kuti chithandizo chipitirire, osati mbiri yonse.

Chimene ophunzira ambiri amaiwala n'chakuti chinsinsi sichithawira pakamwa pokha. Kabuku ka kuchipatala kamasungidwa m'chikwama cha wodikirira, ndipo mdzukulu wa Fomu 2 atha kukawerenga. Mabedi ngoyandikana, mwina ena agona pansi, ndiye dokotala akamafotokozera ophunzira mokweza, wodi yonse yamva. Botolo la mankhwala otalikitsa moyo anthu amalidziwira patali. Namwino atha kukana bwinobwino kuyankha amalume, koma n'kupatsira apongozi botololo m'manja kuti "muziwapatsa usiku". Kwa ine, yankho losatchula zimenezi ndi loloweza, ngakhale litadzaza ndi malamulo.

Inu amene mukudikirira wodwala, namwino akakukanizani musamuyese wamwano. Mufunseni zakudya zoyenera, nthawi ya mankhwala ndi zizindikiro zoti muthamangire kuchipatala. Dzina la matenda mufunse mwini wake, ndipo akati sanakonzeke, mupatseni nthawi.