BIPI YOKWERA PANG'ONO: NDANI AYENERA KUYAMBA MAPILISI?

Anthu awiri angapite ku cipatala ca kumudzi tsiku limodzi, napimidwa ndi namwino mmodzi, makina nasonyeza nambala yofanana, koma wina n'kubwerako ndi mapilisi, mnzace n'kubwerako ndi malangizo okha. Ambiri akaona zotere amaganiza kuti pali tsankho, kapena kuti mankhwala acepa. Koma cifukwa ceniceni n'cakuti a zaumoyo sayang'ana nambala yokha. Iwo amayang'ana munthu yense, nawerengera ngozi yace yodzadwala mtima kapena kufa ziwalo, kumene ambiri amati sitiroko.

Nkhaniyi ikhudza mabanja ambiri, pakuti kufufuza kumene Unduna wa Zaumoyo unacita muno m'Zambia m'caka ca 2017 kunapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse a zaka 18 kufikira 69 anali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, imene idziwika ndi dzina lakuti bipi.

NAMBALA ZIWIRI

Makina opimira amapereka nambala ziwiri. Yapamwamba isonyeza mphamvu ya magazi pamene mtima ukupopa, yapansi pamene mtima ukupumula. M'caka ca 2021, Bungwe la Zaumoyo pa Dziko Lonse linalangiza kuti munthu wamkulu amene bipi yace yatsimikizika kuti yafika pa 140 pamwamba, kapena pa 90 pansi, ayambe mankhwala, ndipo kuwerengera ngozi kusacedwetse cithandizo cace.

Funso lovuta lili pa anthu amene nambala yao yapamwamba ili pakati pa 130 ndi 139. Bipi yotere yakwera ndithu, koma pang'ono cabe, ndipo mwini wace samva kupweteka kulikonse. Apa ndi pamene kuwerengera ngozi kumathandiza.

Coyamba ndico kutsimikiza kuti nambalayo ndi yoona. Munthu amene wapalasa njinga mtunda wautali padzuwa, kapena wangosuta kumene fodya, kapena ali ndi mantha poona namwino, amasonyeza nambala yokwera kuposa ya masiku onse. Motero ayenera kuyamba wataya madzi, nakhala pampando mphindi zisanu ali cete, msana atatsamira, mapazi ali pansi, mkono uli pa tebulo. Amapimidwa kawiri, ndipo amauzidwa kubweranso tsiku lina. Kupima kwa tsiku limodzi sikukwanira kuika munthu pa mankhwala a moyo wace wonse.

CHATI CA MITUNDU ISANU

M'caka ca 2019 bungwe lomwelo linatulutsa machati a zigawo 21 za dziko lapansi, ndipo Zambia ili pa chati ca maiko a kum'mawa kwa Afirika. Machatiwa ndi a anthu a zaka 40 kufikira 74. Kumene kulibe zopimira magazi, namwino amafuna zinthu zisanu zokha: zaka za munthuyo, ngati ali mwamuna kapena mkazi, ngati amasuta fodya, nambala yapamwamba ya bipi, ndi kulemera kwa thupi poyerekeza ndi msinkhu wace. Kumene zopimira zilipo, amaonanso nthenda ya shuga ndi mafuta a m'magazi.

Akatsata zimenezi ndi cala, amafika pa kabokosi ka mtundu wace. Kabokosiko kanena kuti, mwa anthu 100 ofanana ndi iyeyo, ndi angati amene adzagwidwa ndi mtima kapena sitiroko m'zaka khumi zikudzazo. Kobiriwira katanthauza osafika 5, kacikasu osafika 10, kooneka ngati lalanje osafika 20, kofiira 20 kapena kuposerapo, ndipo kofiira kwambiri 30 kunka m'tsogolo.

MAYI NDI NKHALAMBA

Tinene kuti pa cipatala pafika mayi wa zaka 42, wolima munda wace, wosasuta, wa thupi labwino, ndipo pa masiku awiri osiyana bipi yace yasonyeza 136/84. Pafikanso nkhalamba ya zaka 70, yonenepa, imene yakhala ikusuta fodya wopota kuyambira pa unyamata, nayonso n'kusonyeza 136/84. Mayiyo agwera pa kabokosi kobiriwira. Tiyerekeze kuti ngozi yace ndi 3 mwa 100. Nkhalambayo tiyerekeze kuti yagwera pa kofiira, 20 mwa 100.

Kufufuza kwa akatswiri kwasonyeza kuti kutsitsa nambala yapamwamba ndi 10 kumacotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a ngoziyo. Tsono nkhalamba 100 zotere zikamwa mapilisi mokhulupirika kwa zaka khumi, odwala adzatsika kucokera pa 20 kufika pa 16. Ndiko kuti mabanja anai apulumuka ku maliro, kapena ku nchito yosamala munthu wogona pamphasa wosatha kudzidyetsa yekha. Koma azimai 100 onga uja akamwa mapilisi omwewo kwa zaka khumi, wopulumutsidwa sakwana ngakhale mmodzi, popeza ngoziyo inali yocepa kale.

Mapilisi nawo ali ndi mtengo wace. Amulodipini amatupitsa akakolo mwa anthu ena. Enalapurilu amabweretsa cifuwa couma, ndipo ndi woletsedwa kwa mkazi wapakati cifukwa amavulaza mwana m'mimba. Ena amamva cizungulire akaimirira msanga. Palinso ulendo wokatenga mankhwala nthawi ndi nthawi, ngakhale m'nyengo ya dzinja pamene mitsinje yadzala ndipo nchito ya kumunda yacuruka. Kwa nkhalambayo phindu liposa mavutowa. Kwa mayiyo mavuto ndiwo aposa phindu.

Komabe mayiyo sanamasulidwe. Amalangizidwa kucepetsa mcere kuti usapitirire magalamu 5 pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, powerengera ndi mcere wa m'nsomba zouma ndiponso soda wa m'therere. Amauzidwanso kubwera kudzapimitsa pa nthawi imene namwino wanena. Nambala yace ikadzafika pa 140/90 ndi kukhazikika pomwepo, adzayamba mankhwala ngakhale kabokosi kace kakhale kobiriwira. Nkhalambayo nayo imauzidwa kuti pilisi silifafaniza zoipa za fodya. Kuleka kusuta kudzatsitsa ngozi yace koposa.

ZIMENE CHATI SICIONA

Pali anthu amene safunika chati konse. Amene anagwidwapo kale ndi sitiroko kapena nthenda ya mtima ali kale pa ngozi yaikulu, ndipo malangizo a 2021 anena motsimikiza kuti ayambe mankhwala bipi ikafika pa 130. Odwala shuga kapena impso nawonso amaganiziridwa kuyamba pa nambala yomweyo. Azimai apakati ali ndi malangizo aoao a ku sikelo.

Chati ca zinthu zisanu cija sicidziwa za shuga, ndipo machati onse safunsa ngati kholo kapena mbale anafa ndi mtima akali wamng'ono, ngakhale za kacirombo ka Edzi, kamene kamaonjezera ngozi ya mtima. Munthu akabisa zimenezi, kapena akakana kuti amasuta cifukwa ca manyazi, chati cidzampatsa mtundu womnyenga, ndipo adzabwerera kwao wopanda mankhwala amene akanamteteza.

Ngoziyo simaima pamodzi. Imakwera ndi zaka, kotero kuti wa kabokosi kobiriwira lero angadzapezeke pa kacikasu patapita zaka khumi, bipi yace isanasinthe n'komwe. N'cifukwa cace a zaumoyo amapempha kuti munthu asunge bwino kabuku kace ka ku cipatala, ndi kuti asabwereke mapilisi a mnansi wace, ngakhale nambala zao zitafanana.