Nkhani yaifupi ya mnyamata ndi makobidi a malemu bambo ake

Nkhani yaifupi ya mnyamata amene akusanja makobidi a malemu bambo ake imayenda ndi zinthu zochepa: chitini, mphasa ndi mwana wopupuluma. Maliro adapita kale, ndipo mayi amupatsa chitinicho. Iye akufuna kudziwa msanga kuti muli ndalama zingati. Mlembi waluso sanena kuti mwanayo waphunzira kuleza mtima. Amangoonetsa manja ake akuchepetsa liwiro, ndipo chowachedwetsa ndi makobidi eniakewo.

Chitini cha bambo wa ku Malawi chimatha kusunga mibadwo ingapo ya ndalama. Pansi pakhoza kupezeka khobidi loboola pakati la nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Kenaka pali masheleni a 1964 okhala ndi nkhope ya Kamuzu Banda, matambala amene adayamba mu 1971 pomwe kwacha idalowa m'malo mwa paundi, ena a m'ma 1990 a nkhope ya Bakili Muluzi, ndi a K5 ndi K10 a zitsulo ziwiri olembedwa 2006.

Msampha wokoma uli pa sheleni ndi 10 tambala. Paundi imodzi idasinthidwa ndi makwacha awiri, choncho sheleni idafanana mtengo ndi 10 tambala. Zonse ziwiri zili ndi zisononkho za chimanga mbali ina, Kamuzu mbali inayo. Mwana wothamanga amaziunjika mulu umodzi. Pofika usiku amazindikira kuti pa zina palembedwa chaka cha 1964, pamene tambala idali isanabwere. Mulu wonse uyenera kuphwasulidwa, khobidi lililonse litembenuzidwe ndi kupendekedwa pa kuwala kuti manambala ofufutika aoneke. Apa ndi pomwe nkhani imakhota, chifukwa mwanayo wasiya kuwerengera mtengo, wayamba kuwerenga zaka.

Kutsuka nako kumapereka chochitika china. Khobidi lakuda likakwechedwa ndi mchenga kapena phulusa limawala ndithu, koma limatsala ndi mikwingwirima yosachoka, ndipo osonkhetsa ndalama zakale salifunanso. Madzi ofunda, sopo pang'ono ndi kansalu kofewa n'zokwanira. Mnyamata akawononga limodzi, lachiwiri amaligwira m'mphepete.

Bambo alowe m'nkhani kudzera m'zimene adasiya, monga kapepala kokulungira khobidi limodzi lokha. Mwanayo amafunsa kuti, “Amayi, ili adalipatuliranji?” Yankho la mayi likhale lalifupi, mwina lingokhala loti chaka cholembedwapo n'chimene adakwatirana.

Nkhani zotere zimaphotchoka kawirikawiri pa mathero. Alembi ena amabweretsa agogo odzalalikira ndi miyambi, ena amapezetsa mwanayo khobidi la mtengo wapatali. Njira yachiwiriyi imasandutsa kuleza mtima kukhala malonda, komanso si yoona: matambala ambiri adapangidwa ochuluka, ndipo lero ngakhale chitini chodzaza sichingagule buledi.