Chifukwa Chake Madzi Ndi Pola Koma Kaboni Dayokisaidi Ayi

Molekyulu ya kaboni dayokisaidi (CO₂), mpweya umene timapumira kunja, imalemera kuposa ya madzi (H₂O) kawiri n'kupitirira: 44 poyerekeza ndi 18. Komabe madzi amawira pa madigiri 100, pamene kaboni dayokisaidi amakhala atasanduka kale mpweya pa madigiri 78 kunsi kwa ziro. Gwero la kusiyanaku n'lakuti molekyulu ya madzi ndi pola, kutanthauza kuti mbali ina ndi negetivu, ina pozitivu, pomwe inzakeyo ilibe mbali zotere.

Maatomu awiri akalumikizana amagawana maelekitironi, koma sikuti nthawi zonse amagawana mofanana. Pa sikelo imene Linus Pauling anayambitsa mu 1932, mphamvu yokokera maelekitironi ya okosijeni ndi 3.44, ya kaboni ndi 2.55, ndipo ya haidirojeni ndi 2.20. Choncho okosijeni akalumikizana ndi kaboni kapena haidirojeni, maelekitironi amapendekera kwa iye. Iye amakhala negetivu pang'ono, mnzakeyo pozitivu pang'ono.

Apa m'pamene ambiri amaphonya, poganiza kuti malumikizano akakhala pola ndiye kuti molekyulu yonse ndi pola. Pamafunika kuonanso mmene maatomuwo aimira.

Mu CO₂, kaboni ali pakati, okosijeni mmodzi uku wina uku, pamzere woongoka wa madigiri 180. Zili ngati anthu awiri amphamvu zofanana akukokana chingwe: aliyense akukoka ndithu, koma chingwe sichisuntha. Kukoka kwa mbali ina kumafafaniza kwa mbali inayo, ndipo molekyulu yonse imatsala yopanda mbali ya negetivu kapena ya pozitivu.

M'madzi zinthu n'zosiyana. Okosijeni ali pakati, koma ali ndi mapeya awiri a maelekitironi amene sanalumikizane ndi atomu ina. Mapeyawa amakankhira mahaidirojeni awiri aja mbali imodzi, molekyulu n'kupindika pa madigiri 104.5. Tsopano maelekitironi a malumikizano onse awiri akupendekera kumodzi, ndiye kukokako kumaphatikizana m'malo mofafanizana. Kwa okosijeni kumakhala negetivu, kwa mahaidirojeni pozitivu. N'chifukwa chake mamolekyulu a madzi amagwirana zolimba, haidirojeni wa molekyulu ina kukakamira okosijeni wa ina, ndipo pamafunika moto wambiri kuti alekane.

Kaimidwe kolinganira pakokha sikokwanira. Maatomu ozungulira ayeneranso kukhala amtundu umodzi. Mu CCl₄, makolorini anayi azinga kaboni molingana mbali zonse, pa madigiri 109.5, ndipo ngakhale kulumikizana kulikonse ndi pola, molekyuluyo si pola. Mukachotsa kolorini mmodzi n'kuikapo haidirojeni, mumapeza kolorofomu (CHCl₃). Kaimidwe sikanasinthe kwenikweni, koma haidirojeni sangabweze kukoka kwa makolorini atatu otsalawo, choncho kolorofomu ndi pola.